Masamba atatu mwa asanu ndi anayi: chifukwa chake kontirakiti yoduka siyingafupikitsidwe ngati yathunthu

Anthu amene amadziwako za malamulo mu mzinda wa Blantyre, kaya ndi maloya, akalaliki a m'maofesi mwawo kapena ophunzira zamalamulo, amalandira kawirikawiri uthenga wa pafoni wa mtundu umodzi. Munthu amakopera mawu a kontirakiti, n'kuwamata pa WhatsApp, kenako n'kulemba pansi pake kuti amuuze mwachidule zimene pepalalo likunena chifukwa mawa akukasaina. Wofunsidwayo akayankha kuti sangapereke chidule popeza zimene walandira ndi mbali chabe ya chikalatacho, wofunsa amakhumudwa, ndipo ena amaganiza kuti uku n'kudzikweza kapena ndi njira yofunira ndalama. Kusamvana kumeneku kumabwera chifukwa anthu awiriwa amaona chikalatacho mosiyana. Wofunsa amaganiza kuti masamba atatu mwa asanu ndi anayi ali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a choonadi, pamene wofunsidwa amadziwa kuti masamba atatuwo akhoza kunena zosemphana kotheratu ndi zimene chikalata chonse chikunena.

Ndifotokoza nkhaniyi potsatira kontirakiti imodzi ya lendi ya shopu, yomwe mlamu wanga wina wogulitsa zitenje ndi nsalu ku Limbe ananditumizira. Mayina sinditchula, ndipo ndalama ndazisintha pang'ono kuti masamu ake akhale osavuta kutsatira.

Chidule cha kontirakiti chimalonjeza zinthu ziwiri

Kontirakiti ndi mgwirizano umene malamulo amauzindikira, moti wina akauphwanya mnzakeyo akhoza kukadandaula kukhoti. Ikakhala yolembedwa imagawidwa m'ndime zokhala ndi manambala, ndipo nthawi zambiri kumapeto kwake kumakhala masamba ophatikiza, omwe amakhala ndi mitengo, mndandanda wa katundu, mapu a malo kapena mfundo zapadera za anthu awiri amene akugwirizanawo.

Munthu akapempha chidule cha kontirakiti, zimene akufunadi kudziwa si mawu a m'ndimezo. Akufuna kudziwa ndalama zimene adzalipire, nthawi imene mgwirizanowo udzamugwire, njira yotulukiramo, ndiponso chimene chingamugwere zinthu zikavuta. Choncho chidule chilichonse chimalonjeza zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, ngakhale wochilemba asanene. Choyamba chimati, zimene ndakuuzanizi zilimo. Chachiwiri chimati, palibe china chachikulu chimene ndasiya. Lonjezo loyambalo munthu akhoza kulikwaniritsa ndi ndime zochepa zimene waona, koma lachiwirilo sangalikwaniritse popanda kuwerenga mpaka pa siginecha, chifukwa sunganene kuti m'chipinda mulibe njoka utangosuzumira pakhomo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kunena kuti "sindikuona ndime yokweza lendi m'zimene mwatumiza" n'kosiyana ndi kunena kuti "kontirakitiyi ilibe ndime yokweza lendi". Mawu oyambawo akunena za uthenga wa pafoni, pamene achiwiriwo akunena za chikalata. Vuto ndi lakuti wolandira chidule samva kusiyana kumeneku ngati sanauzidwe momveka. Akawerenga chidule chosatchula za kukwera kwa lendi, iye amangotenga kuti lendi siidzakwera.

Nkhani ya m'nyuzipepala imalembedwa mwakuti mfundo zikuluzikulu zimakhala koyambirira, moti ukawerenga ndime ziwiri zoyamba wamva kale mutu wa nkhani. Tinazolowera kuwerenga motero, ndipo chizolowezichi n'chimene chimatipusitsa pa kontirakiti. Masamba oyamba a kontirakiti amanena zimene aliyense akuyembekezera kale: ndani akugwirizana ndi ndani, pa chinthu chanji, pa mtengo wanji. Malire a zimenezo, zilango, ndi zochitika zimene zingasinthe mtengowo zimabwera pakati kapena kumapeto. Ena amafanizira zimenezi ndi thumba la makala lomwe pamwamba pali zibulumwa zikuluzikulu pamene pansi pali fumbi, koma fanizoli limalakwira olemba makontirakiti pang'ono, chifukwa kuika malire kumapeto nthawi zambiri si chinyengo. Ndi mmene zikalata zimenezi zimamangidwira, ngakhale pakati pa anthu achilungamo.

Zimene mlamu wanga anatumiza

Uthengawo unafika madzulo a Lachitatu, ndipo pansi pake analemba kuti, "Alamu, tandionereniko izi, mundiuze mwachidule. Eni nyumba akufuna ndisaine Lachisanu, apo ayi shopuyo apatsa wina." Mawu amene anamata anali a Chingerezi, monga mmene makontirakiti ambiri olembedwa kuno amakhalira, ndipo anayambira pa ndime 1 mpaka ndime 11, ndi mizere iwiri ya ndime 12.

Zimene zinalimo zinali zooneka bwino. Lendi inali K450,000 pamwezi. Mgwirizano unali wa zaka ziwiri. Dipoziti, yomwe ndi ndalama ya chikole imene wochita lendi amasungitsa kwa mwini nyumba, inali ya miyezi iwiri, ndiye kuti K900,000, yobwezedwa pamapeto. Ndime 9 inati wochita lendi akhoza kutuluka atapereka notisi ya miyezi itatu, ndiye kuti kalata yodziwitsa mwini nyumba pasadakhale. Ndikanafuna kumusangalatsa ndikanalemba mizere inayi: mudzalipira K10,800,000 pa miyezi 24, dipoziti idzabwerera, malonda akavuta mukhoza kutuluka patatha miyezi itatu, palibe choopsa. Mzere uliwonse ukanakhala wochokera m'mawu amene ndinaona, koma chidule chonsecho chikanakhala chabodza.

Chimene chinandiimitsa ndi zizindikiro zinayi zimene zinali m'mawu omwewo. Pakati pa ndime 7 ndi 8 panali kamzere kolowerera kakuti "Page 2 of 9", komwe kanakopedwa limodzi ndi mawu kuchokera pansi pa tsamba. Mu ndime 1, pomasulira mawu, liwu lakuti lendi linafotokozedwa kuti ndi ndalama za mu ndime 3 pamodzi ndi zolipira zina za mu "Schedule 2", lomwe ndi tsamba lophatikiza lachiwiri. Ndime ya dipoziti inatha ndi mawu akuti "subject to clause 17", ndipo ndime 9 ya notisi inayamba ndi mawu akuti "subject to clause 15". Ndime 15, ndime 17 ndi tsamba lophatikizalo sizinalimo mu uthengawo.

Ndinamuyankha kuti, "Alamu, ndaona masamba atatu okha mwa asanu ndi anayi, ndipo ndime zokhudza ndalama zanu zikuloza ku masamba amene sanafike. Tumizani fayilo yonse monga mmene anakupatsirani." Yankho lake linali la anthu ambiri: "Zotsalazo ndi zachizolowezi, ejenti wanena choncho." Anali asanabise kanthu mwadala. Anakanikiza chala pa sikirini, n'kukokera pansi mpaka pamene anaona kuti mitengo yatha, n'kuganiza kuti zofunika zathera pomwepo.

Mmene ndime imodzi imasinthira inzake

Makhoti a m'Malawi amagwiritsa ntchito malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi mfundo za zigamulo zakale zimene zinachokera ku Mangalande, zomwe zinalandiridwa m'dziko muno mu 1902, nthawi ya atsamunda. Imodzi mwa mfundo zimenezo ndi yakuti kontirakiti imawerengedwa yonse pamodzi. Woweruza satenga ndime imodzi n'kuimasulira payokha, koma amafunsa kuti ndimeyo ikutanthauzanji ikaikidwa pambali pa ndime zina zonse. Ngati umu ndi mmene khoti lidzawerengere chikalatacho tsiku la mlandu, ndiye kuti wolemba chidule amene waona mbali imodzi yokha akuwerenga mwanjira imene khoti silidzaitsatira.

Pali mawu ochepa amene amamangirira ndime imodzi ku inzake, ndipo munthu aliyense wosaina zikalata za Chingerezi ayenera kuwazindikira. Mawu akuti "subject to" amatanthauza kuti ndime imene mukuwerengayo ndi yogonjera ndime ina, moti ufulu umene ikupereka umathera pamene ndime inayo yaika malire. Awa ndi abwinoko chifukwa amachenjeza: ukawaona umadziwa kuti pali china chofunika kuchifunafuna. Oopsa kwambiri ndi akuti "notwithstanding", omwe amatanthauza kuti posatengera zimene zanenedwa kwina, ndime ino ndiyo ili ndi mphamvu. Mawu amenewa amalembedwa m'ndime yopambanayo, osati m'ndime yogonjayo. Ndime 20 ikhoza kufafaniza zimene ndime 4 yalonjeza popanda ndime 4 kusonyeza chizindikiro chilichonse. Izi zikutanthauza kuti ngakhale mbali imene yatumizidwa ikhale yooneka yokwanira, yopanda mawu oloza kwina, palibe njira yodziwira kuchokera m'mbaliyo kuti siinagonjetsedwe kutsogolo.

Kumasulira mawu ndi msampha wina. M'makontirakiti a Chingerezi, liwu loyamba ndi chilembo chachikulu pakati pa chiganizo nthawi zambiri limakhala ndi tanthauzo lapadera lomwe lalembedwa pena pake m'chikalatacho. Liwu lakuti mwezi, tsiku la ntchito, malo kapena lendi likhoza kukhala lalikulu kapena laling'ono kuposa mmene timaligwiritsira ntchito tsiku ndi tsiku. Ngati ndime yomasulira mawu ili m'masamba amene sanatumizidwe, wolemba chidule amakhala akupereka tanthauzo la mumsewu kwa liwu lomwe eni ake analipatsa tanthauzo lina.

Masamba otsala atafika

Lachinayi m'mawa fayilo yonse inafika. Inali ndi ndime 24, masamba ophatikiza awiri, ndi tsamba la masiginecha.

Tsamba lophatikiza lachiwiri linali ndi K60,000 ya mwezi uliwonse yolipirira alonda, kuchotsa zinyalala ndi madzi a pamalopo. Popeza ndime 1 inaphatikiza ndalama imeneyi m'tanthauzo la lendi, kulephera kuilipira kunali chimodzimodzi ndi kulephera kulipira lendi, ndipo zotsatira zake zinali zofanana. Ndime 16 inati chaka choyamba chikatha, K450,000 ija idzakwera ndi 20 peresenti, kufika pa K540,000. Ndime zotere sizodabwitsa masiku ano, makamaka chichitikireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene eni nyumba ambiri anaona ndalama za lendi zikutha mphamvu m'manja mwawo. Tikawerengetsa, chaka choyamba ndi K510,000 kuchulukitsa ndi miyezi 12, zomwe ndi K6,120,000. Chaka chachiwiri ndi K600,000 kuchulukitsa ndi miyezi 12, zomwe ndi K7,200,000. Zonse pamodzi ndi K13,320,000, kusiyana ndi K10,800,000 ya m'chidule chimene ndinakana kulemba. Kusiyana kwake ndi K2,520,000.

Komabe ndime imene inandidetsa nkhawa kwambiri si ya mitengoyi, koma ndime 15. Inati notisi ya miyezi itatu ija siingaperekedwe miyezi 12 yoyambirira isanathe. Tiyerekeze kuti malonda a zitenje avuta ndipo kumapeto kwa mwezi wachinayi mlamu wanga akufuna kutseka shopu. Malinga ndi masamba atatu oyamba aja, akanapereka notisi, n'kulipira miyezi ina itatu, yomwe ndi K1,350,000, n'kutuluka. Malinga ndi chikalata chonse, sakanatha kupereka notisi mpaka mwezi wa 12 utatha, ndipo tsiku loyamba limene akanamasuka ndi kumapeto kwa mwezi wa 15. Kuchokera mwezi wachisanu mpaka wa 12 ndi miyezi isanu ndi itatu pa K510,000, yomwe ndi K4,080,000, ndipo miyezi itatu ya notisi pa K600,000 ndi K1,800,000. Pa pepala, kutuluka kwake kukanafuna K5,880,000, kuposa kanayi ndalama imene iye ankaganiza. Ngati nkhani itafika kukhoti, ndalama yeniyeni imene mwini nyumba angapatsidwe imatengeranso zina, monga ngati wapeza munthu wina wolowa m'shopumo, koma wochita malonda sakonza bajeti yake podalira mlandu umene sunazengedwe.

Ndime 17 inalola mwini nyumba kudula pa dipoziti ndalama zopakira penti shopu yonse, kaya makoma ndi akuda kapena ayi. Ndime 21 inali ija imanena kuti chikalata chino ndicho mgwirizano wonse ndipo malonjezo a pakamwa amene anaperekedwa chisanasainidwe alibe mphamvu. Imeneyi inali yofunika kwa mlamu wanga chifukwa ejenti anamulonjeza pakamwa kuti eni nyumba adzaika chitseko chachitsulo asanalowe, koma lonjezolo silinalembedwe paliponse.

Sikuti masamba otsalawo anali okomera mwini nyumba yekha. Ndime 13 inaika pa mwini nyumba udindo wokonza denga ndi mawaya a magetsi, ndipo ndime 19 inapatsa wochita lendi ufulu woonjezera zaka zina ziwiri ngati walemba kalata miyezi itatu mgwirizano usanathe. Kwa munthu amene makasitomala ake amamudziwa ndi malo, ufulu umenewu ndi wamtengo wapatali, ndipo akanaunyalanyaza chifukwa chosaudziwa ukanangodutsa. Chidule chochokera ku chikalata choduka chimalakwa mbali zonse ziwiri. Chikhoza kutonthoza munthu amene akuyenera kuda nkhawa, komanso chikhoza kuopseza munthu n'kumusiyitsa mgwirizano wabwino, monga zikanakhalira mlamu wanga akanatumiza ndime 15 mpaka 17 zokha.

Siginecha imakugwira pa masamba onse

Wina akhoza kufunsa kuti, ngati munthu anasaina atamva chidule cha masamba atatu okha, kodi sangauze khoti kuti zinazo sanazidziwe? Mfundo yodziwika bwino pa funso limeneli imachokera ku mlandu wa L'Estrange ndi Graucob wa mu 1934. Mayi wina amene anali ndi malo odyera m'tauni ya Llandudno ku Wales anagula makina ogulitsira ndudu, n'kusaina fomu osawerenga timalemba ting'onoting'ono tomwe tinachotsera wogulitsayo udindo pa ubwino wa makinawo. Makinawo sanagwire bwino ntchito, koma khoti linagamula kuti munthu akasaina chikalata cha mgwirizano, chimamugwira kaya anachiwerenga kapena ayi, pokhapokha ngati panali chinyengo kapena anauzidwa zabodza pa zimene chikalatacho chikunena. Malamulo oteteza ogula afewetsa mfundoyi pa malonda ena, koma pa mgwirizano wa anthu awiri ochita bizinesi, monga wa lendi ya shopu, poyambira ndi pomwepo.

Taonani mmene izi zimakhudzira chidule. Kuuzidwa zabodza kumene kungamasule munthu ndi kochokera kwa amene akugwirizana nayeyo kapena womuimira. Chidule cholakwika chochokera kwa mlamu, mnzako wa kutchalitchi kapena kalaliki amene unamutumizira masamba atatu sichimukhudza mwini nyumba. Iye anapereka masamba onse asanu ndi anayi, ndipo siginecha ili pa tsamba lomaliza. Cholakwa chimene chachitika pafoni pakati pa wofunsa ndi wofunsidwa chimagwera wosainayo.

Mmene mungadziwire kuti mawu ndi oduka

Choyamba kuyang'ana ndi mutu ndi mchira. Kontirakiti yathunthu imayamba ndi tsiku ndi mayina a amene akugwirizana, ndipo imatha ndi malo a masiginecha ndi a mboni. Mawu amene ayambira pa ndime 5, kapena amene athera pakati pa chiganizo, ndi oduka mosakayikira. Kenako munthu atsate manambala a ndime kuti aone ngati palibe polumpha, afananize chiwerengero cha masamba ndi zimene walandira, ndipo alembe pambali ndime iliyonse ndi tsamba lililonse lophatikiza limene latchulidwa, n'kuona ngati zonsezo zilipo. Ntchito imeneyi siitenga mphindi khumi.

Kuduka kwina sikuoneka mosavuta, chifukwa kumachitika ngakhale wotumiza wakopera chilichonse chimene foni inamulola. Tsamba limene linajambulidwa ndi makina kapena ndi kamera ndi chithunzi chabe, moti ukakopera mawu a fayilo yonse tsambalo limangolumphidwa mwakachetechete, ndipo masamba ophatikiza ndi a masiginecha ndi amene kawirikawiri amakhala otere. Matebulo a mitengo amasokonekera akamatidwa ngati mawu wamba, manambala n'kuchoka pansi pa mitu yawo. Mawu amene anafafanizidwa ndi mzere pakati amabwera ngati mawu abwinobwino chifukwa mzerewo sukopedwa, choncho ndime imene anthu awiriwo anagwirizana kuichotsa imaoneka ngati ilipobe. Zolemba pamanja m'mphepete mwa tsamba sizibwera n'komwe. Ndipo uthenga wautali pa WhatsApp umabisa mbali yake kuseri kwa mawu akuti "Read more", moti munthu amene waujambula pa sikirini asanakanikize pamenepo amatumiza theka osadziwa.

Palinso chikalata chimene chili chathunthu pachokha koma chosakwanira pa nkhani yake. Kalata yolembera munthu ntchito ya tsamba limodzi ikhoza kunena kuti ntchitoyo ikutsatira ndondomeko za kampani zomwe zili m'buku lina. Fomu ya ngongole ikhoza kunena kuti mfundo zonse za banki ndi mbali ya mgwirizanowo. Zikatero buku linalo lalowa m'kontirakiti, ndipo chidule chosaliona n'chodukanso. Pamwamba pa zimenezo pali malamulo a dziko amene amagwira ntchito ngakhale pepala lisawatchule, monga lamulo la ntchito la mu 2000 lomwe limaika malire amene kontirakiti ya ntchito siingatsike pansi pake.

Zikalata zina za malamulo zili ndi khalidwe lomweli. Chigamulo cha khoti chimayamba ndi kufotokoza zimene mbali iliyonse yanena, ndipo ganizo la woweruza limabwera kumapeto, choncho ndime imene yafalitsidwa m'magulu a pafoni ngati mawu a khoti ikhoza kukhala mfundo ya mbali imene yaluza mlandu. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 ali choncho: ndime 35 imapereka ufulu wolankhula zakukhosi ndipo ndime 38 imapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, koma ndime 44 ndiyo imafotokoza mmene maufulu angachepetsedwere. Wowerenga ndime 38 yokha ndi wowerenga ndime 44 yokha akhoza kukangana tsiku lonse, aliyense ali ndi mawu oona m'manja.

Zimene zingatheke ndi mbali imene yafika

Kukana kufupikitsa ngati chathunthu sikutanthauza kukana kuthandiza. Ngati masamba otsala sangapezeke msanga, munthu wodziwa akhoza kufotokoza zimene ndime zimene waona zikunena, malinga ngati chenjezo liikidwa koyambirira, osati kumapeto kumene wowerenga wothamanga safikako. Zimene ndinalembera mlamu wanga usiku wa Lachitatu uja zinali motere: "Ndaona ndime 1 mpaka 11 zokha, kuchokera pa masamba atatu mwa asanu ndi anayi. Ichi si chidule cha kontirakiti yanu. M'ndime zimenezi lendi ndi K450,000, koma pali zolipira zina pa tsamba lophatikiza lachiwiri lomwe sindinalione. Notisi ndi ya miyezi itatu, koma ndime 15 ikuika malire amene sindikuwadziwa. Za kukwera kwa lendi, za kukonza nyumba ndi za zilango sindinganenepo kanthu, ndipo kusanena kwanga musakutenge ngati kuti mulibe. Musasaine potengera uthenga uno."

Chimene sichiyenera kuchitika ndi kudzaza mipata ndi zimene makontirakiti ena amanena. Munthu amene wawerenga makontirakiti a lendi ambirimbiri amakopeka kunena kuti ndime 15 mwina ikungonena kuti notisi ikhale yolembedwa, chifukwa nthawi zambiri zimakhala choncho. Kuganizira kotereku ndi koopsa kwambiri kukachokera kwa wodziwa kusiyana ndi kwa wosadziwa, chifukwa kumamveka ngati choonadi. Ndime imene imapweteka munthu ndi yomwe yasiyana ndi zachizolowezi, ndipo ndi yomweyo imene kuganizira sikungaipeze.

Pali chifukwa chomveka chimene ena amatumizira mbali yokha, chomwe ndi kuteteza zinsinsi za malonda kapena mayina a anthu. Zikatero ndi bwino kuphimba mayina, manambala a akaunti ndi nambala ya poloti koma kusiya ndime zonse monga zilili, kusiyana ndi kuchotsa masamba athunthu. Ndipo ngati ndalama zake ndi zambiri, kapena nkhaniyo ikukhudza malo ndi chikole cha nyumba, chikalatacho chipite kwa loya wokhala ndi chilolezo, kapena ku Legal Aid Bureau kwa amene sangakwanitse kulipira, chili chathunthu monga mmene chidzasainidwire.

Mlamu wanga sanasaine Lachisanu lija. Anapempha masiku ena atatu, n'kupita kwa eni nyumba ndi mfundo ziwiri. Pa kukwera kwa lendi anakana kusintha, koma pa ndime 15 anavomera kuti miyezi 12 ikhale isanu ndi umodzi, ndipo za chitseko chachitsulo zinalembedwa pa tsamba lophatikiza loyamba. Kusinthaku kunachitika ndi cholembera pa pepala losindikiza, ndipo onse awiri anaika zilembo zoyamba za mayina awo m'mphepete mwa tsamba lililonse limene linasinthidwa. Fayilo imene ili m'foni mwake ikunenabe miyezi 12 ndipo siitchula chitseko, choncho ndinamuuza kuti ajambule masamba onse asanu ndi anayi a pepala losainidwalo, ndipo tsiku lina akadzafuna kufunsa wina za shopuyo adzatumize zithunzi zimenezo, osati fayilo yoyamba ija.